Chilango cha pa YouTube: Werengani Kaye Musanadandaule

Ambiri akalandira uthenga woti vidiyo yawo yachotsedwa pa YouTube amathamangira kudandaula ali ndi mkwiyo. Apa m'pamene amadzipweteka, chifukwa chilango chilichonse chimalola dandaulo limodzi lokha.

Werengani kaye uthengawo. Umatchula vidiyoyo ndi lamulo limene akuti mwaphwanya. Koyamba kawirikawiri limangokhala chenjezo. Mukalakwanso, amakuletsani kuika mavidiyo kwa sabata imodzi, ndipo zilango zitatu m'masiku 90 zingatseketse tsamba lanu lonse. Vidiyoyo musaifufute: chilango sichichoka, koma mwayi wodandaula ungathe.

Tinene kuti munajambula phunziro la kasamalidwe ka bala, iwo n'kuliyesa zachiwawa. Mu YouTube Studio sankhani Appeal, ndipo lembani mwachidule kuti vidiyoyo ndi yophunzitsa, mphindi imene balalo likuoneka, ndi mawu ofotokozera amene munalankhula pamenepo. Zoti ana anu amadyera pomwepo n'zoona ndithu, koma wounikayo akungofuna kudziwa ngati lamulo laphwanyidwa.

Chizindikiro chachikasu cha dola si chilango. Chimatanthauza kuti zotsatsa malonda zachepetsedwa pa vidiyo imeneyo, ndipo mungapemphe kuti munthu aionenso.