Kusandutsa chithunzi cha nthawi za Ilala kukhala mizere yowerengeka

Pa WhatsApp pamayenda zithunzi zambiri za ndondomeko za maulendo: pepala lomatidwa pakhoma la padoko kapena pa depoti ya basi, lojambulidwa ndi foni mopendekeka, mwina litanyowapo ndi mvula. Chithunzi chotere munthu sangafufuzemo dzina la doko, sangachisanje, ndipo akachitumiza kangapo manambala amayamba kufufutika. N'chifukwa chake ogwira ntchito m'malo ogona alendo ndi okonza maulendo amachikopera m'mizere, doko lililonse pamzere wake, nthawi ili m'mawerengedwe a maola 24.

Sitima ya Ilala ndi chitsanzo chabwino chifukwa ulendo wake umadya masiku. Sitimayi, yomwe inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951, imadziwika ndi ulendo wa sabata ndi sabata: kunyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kudzera ku Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe mpaka ku Chilumba, kenako n'kubwerera. Madoko ena imafikako pakati pa usiku, ndipo apa m'pamene wokopera amapunthwa.

Ntchito imayamba manambala asanakhudzidwe. Wokopera amakulitsa chithunzi n'kuona kaye mmene pepalalo analisanjira: mbali iti ndi ya ulendo wopita kumpoto, iti ndi yobwerera kummwera, komanso pa nthawi ziwiri zolembedwa pa doko limodzi, yofikira ndi iti, yonyamukira ndi iti. Sitima imatha kukhala padoko maola angapo ikutsitsa ndi kukweza katundu, choncho wosokoneza ziwirizi amafikitsa wokwera padoko sitima itapita kale, kapena kumudikiritsa usiku wonse. Popeza Nkhata Bay imapezeka kawiri pa sabata, popita ndi pobwerera, imafunika mizere iwiri.

Kenako amasintha nthawi. Lamulo lake n'lalifupi. Nthawi ya AM kuyambira 1 mpaka 11 imakhala momwemo, kungoika ziro patsogolo ngati ola lili la nambala imodzi: 7:00 AM ikhala 07:00. Pa nthawi ya PM kuyambira 1 mpaka 11 amawonjezera 12: 6:00 PM ikhala 18:00. Ola la 12 ndiye losiyana. 12:15 PM ndi masana, ikhala 12:15. Koma 12:30 AM ndi pakati pa usiku, ikhala 00:30, ndipo tsiku limakhala litasintha kale.

Tiyerekeze pepala lomwe nthawi zake n'zongopeka pofuna kuphunzitsira. Pansi pa mutu wakuti Loweruka alemba kuti sitima inyamuka ku Likoma 6:00 PM, ku Chizumulu 9:30 PM, ifika ku Nkhata Bay 12:30 AM n'kunyamuka 7:00 AM. Mizere yonyamukira ituluka motere:

```
doko,tsiku,kufika,kunyamuka
Likoma,Loweruka,,18:00
Chizumulu,Loweruka,,21:30
Nkhata Bay,Lamlungu,00:30,07:00
```

Pepala linati Loweruka, koma mzere wa Nkhata Bay wanena Lamlungu, chifukwa sitima yadutsa pakati pa usiku ili pamadzi. Wokopera akasiya Loweruka, wokwera wa ku Nkhata Bay adzalawirira tsiku lathunthu. Pomwe chithunzi sichinapereke nthawi yofikira, malowo amasiyidwa opanda kanthu. Sayenera kudzazidwa ndi nthawi yongoganizira.

Ena amagwiritsa ntchito mapulogalamu owerenga zilembo pa chithunzi kuti asataipe pamanja. Amafulumizadi, koma pa chithunzi chosawala bwino amasokoneza 3 ndi 8, 1 ndi 7, ziro ndi chilembo O, ndipo pepala likapendekeka nthawi ya doko lina imatsetserekera pamzere wa linzake. Timizere tiwiri tomwe alembi amaika kutanthauza kuti tsiku ndi lomwe lija la pamwamba nthawi zambiri timasowa.

Excel nayo ili ndi misampha yake. Munthu akalemba 7.30 ndi kadontho, pulogalamuyo imayesa nambala wamba n'kuonetsa 7.3. Nthawi ilembedwe ndi timadontho tiwiri, ndipo mabokosi ake apatsidwe kalembedwe ka `hh:mm` kuti ziro wa patsogolo asatayike.

Kuyesa komaliza n'kwapafupi: kuwerenga mizere kuchokera pamwamba kutsika. Nthawi iyenera kumakwera mzere uliwonse. Ikatsika, monga kuchoka pa 21:30 kufika pa 00:30, tsiku liyenera kusintha pomwepo. Ngati silinasinthe, pali cholakwa. Mpata wa pakati pa madoko nawonso uzimveka. Chizumulu ili pafupi ndi Likoma, ndiye mizere ikaonetsa ulendo wa maola 12 pakati pa zilumba ziwirizi, AM ndi PM zasinthana. Wokopera amawerenganso madoko a pachithunzi ndi a m'mizere kuti afanane, n'kulemba pamwamba tsiku lomwe chithunzicho chinajambulidwa, chifukwa ndondomeko zimasintha ndipo Ilala imachedwa pakakhala mwera kapena katundu wambiri.