Tsiku lobweranso likagwera pa holide

Namwino akalemba tsiku lobweranso m'buku la kuchipatala, amayamba wayang'ana kalendala ya pakhoma n'kuwerenga mapiritsi amene wodwala watenga. Kompyuta ilibe nzeru zimenezo. Imangochita zimene yauzidwa, n'chifukwa chake opanga mapulogalamu, asanayambe ntchito, amakhala pansi ndi anamwino ndi makalaliki n'kulemba chikalata chofotokoza zimene pulogalamuyo idzasunge, zimene idzaonetse pa sikirini, ndi zimene idzachite zinthu zikavuta.

Zosunga si zambiri: nambala ya wodwala, dzina, mudzi, tsiku lobadwa, tsiku lobweranso, ndi mmene zathera, kaya wabwera, sanabwere kapena wasintha tsiku. Wodwala amadziwika ndi nambala, osati dzina, chifukwa mayina ofanana ndi ambiri m'mudzi umodzi. Agogo osadziwa tsiku limene anabadwa aziloledwa kupereka chaka chongoyerekeza, ndipo pulogalamu izisonyeza kuti n'chongoyerekeza. Apo ayi, kalaliki azingopeka tsiku kuti mzere uyende.

Masikirini atatu akukwana poyambira: lofufuzira wodwala, losankhira tsiku, ndi loonetsa onse oyembekezeka lero.

Pamene pagona ntchito ndi pa losankhira tsikulo. Tiyerekeze chipatala chimene chimaona anthu 40 patsiku. Mayi wina wabwera Lolemba pa 8 Juni 2026 ndipo wapatsidwa mapiritsi a masiku 28. Pulogalamu ikawerenga ipeza 6 Julayi, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko la Malawi, pamene sikelo ndi makiliniki ena olembetsa satsegula. Wopanga pulogalamu akasiyidwa yekha, mwachibadwa akankhira tsikulo kutsogolo, Lachiwiri pa 7. Koma mapiritsi a mayiyu atha Lamlungu pa 5, ndiye kuti agona Lolemba osamwa mankhwala. Chikalata chiyenera kunena mosapita m'mbali kuti tsiku likagwera pa holide libwerere m'mbuyo, lifike pa tsiku la ntchito lomwe mankhwala asanathe. Apa ndi Lachisanu pa 3 Julayi.

Nanga Lachisanulo likakhala litadzaza kale anthu 40? Mpofunika kugwirizana pasadakhale. Mwina pulogalamu ibwererenso Lachinayi, mwina ilole munthu wa 41 pokhapokha mkulu wa anamwino atavomereza, ndipo dzina la wovomerezayo lisungidwe. Njira zonse ziwiri zilibe vuto. Choipa n'kusalemba chilichonse, chifukwa kalaliki akakanizidwa ndi kompyuta amabwerera ku cholembera, ndipo posakhalitsa za m'buku ndi za m'kompyuta zimayamba kutsutsana.

Palinso nkhani ya magetsi ndi netiweki. Zikazima, makalaliki awiri olemba pamapepala akhoza kupereka malo otsiriza a tsiku limodzi kwa anthu awiri. Onsewo auzidwa kale tsiku ndipo apita kwawo, ena opanda foni. Chikalata chabwino chimalamula kuti polowetsa zapapepalazo pulogalamu ilandire onse awiri, n'kuchenjeza namwino kuti tsikulo anthu apitirira mlingo.