Chifukwa chake makina a khofi a pakhomo amatulutsa khofi wosukuluka

Makina a khofi odontheza madzi, aja okhala ndi thanki kumbuyo, sefa ya pepala pamwamba ndi jagi ya galasi pansi, amagwira ntchito imodzi yokha: kutenthetsa madzi ndi kuwathira pang'onopang'ono pa khofi wogaya. Sefa ya pepala inayamba ndi mayi wa ku Germany, Melitta Bentz, m'chaka cha 1908, ndipo makina a magetsi otere anafala m'makomo a ku America kuyambira mu 1972. Ambiri mwa makinawa, makamaka otsika mtengo, amatulutsa khofi wamadzimadzi, wosakolera, nthawi zina wowawasa. Eni ake amathamangira kudandaula za khofi amene anagula, pamene kawirikawiri vuto limakhala kutentha kwa madzi.

Khofi wogaya ali ndi zinthu zambiri zimene zimasungunuka m'madzi, koma sizisungunuka nthawi imodzi. Zowawasa zimatuluka msanga, ngakhale m'madzi ofunda chabe. Zotsekemera ndi zopatsa khofi mphamvu yake zimatsatira, ndipo zimafuna madzi otentha kwambiri. Zowawa zimabwera pomalizira. Akatswiri a khofi amagwirizana kuti madzi ofika pa khofi azikhala pakati pa madigiri 92 ndi 96, ndipo achotse pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa khofiyo. Madzi akafika ali pa madigiri 80 amangotenga zowawasa zija n'kusiya zabwino zambiri mu sefa, zimene zimakathera kudzala. N'chifukwa chake khofi wophikidwa ndi madzi osatentha mokwanira amasukuluka komanso amawawasa.

Kuti zimenezi zimveke, mpofunika kudziwa mmene madzi amayendera m'kati. Makina otere alibe pampu. Madzi amatsika kuchokera mu thanki, amadutsa pa kavalavu kolola madzi kupita mbali imodzi yokha, n'kulowa mu kapaipi ka aluminiyamu kamene kagundana ndi elementi ya magetsi. Madzi ochepa ali mu kapaipiko akawira, nthunzi imawakankha. Popeza kavalavu katseka njira yobwerera, madziwo amakwera ndi paipi ina mpaka pamwamba, pamene amadonthera pa khofi. Phokoso lokhala ngati makina akutsokomola limachokera pamenepa.

Njira imeneyi ndi yanzeru ndiponso yotsika mtengo, koma ili ndi chilema. Nthunzi yoyamba imakankha madzi amene sanatenthe onse bwinobwino, ndipo madziwo amadutsa m'paipi yozizira, imene m'makina ambiri imapyola m'kati mwa thanki ya madzi ozizira. Akafika pamwamba amakumana ndi pulasitiki yozizira, pepala lozizira ndi khofi wozizira. Chilichonse mwa zimenezi chimawalanda kutentha. Motero madzi a mphindi yoyamba kapena ziwiri amakhala ozizirirapo kwambiri, ndipo makina amafika pa kutentha koyenera pamene ntchito yapita kale patali. Vutoli limakula pophika makapu awiri okha, chifukwa madzi amatha makina asanatenthe n'komwe. Anthu ambiri amaona kuti jagi yodzaza imakoma kuposa ya theka, ndipo chifukwa chake n'chimenechi.

Mphamvu ya elementi nayo ili ndi malire. Kutenthetsa lita imodzi ya madzi kuchoka pa madigiri 20 kufika pa 95 kumatengera elementi ya mawati 800 mphindi zisanu ndi imodzi ndi theka, ngakhale patakhala kuti palibe kutentha kotayika m'njira. Makina abwino amakhala ndi mawati 1,400 kapena kuposerapo. Magetsi akafooka zinthu zimaipiraipira: akatsika kuchoka pa mavoti 230 kufika pa 200, elementi imataya pafupifupi kota ya mphamvu yake. Palinso nkhani ya kukwera kwa malo. Kunyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100, koma ku Lilongwe ndi ku Lusaka, mizinda yokwera kuposa mamita 1,000, amawira pafupifupi pa 96, ndipo ku Johannesburg pa 94. Makina okankha madzi ndi nthunzi sangawatenthetse kupitirira pamenepo, choncho m'mizinda imeneyi madigiri ochepa otayika m'paipi amakwanira kutsitsa madzi pansi pa mlingo wofunika.

Kutenthetseratu makina kumathetsa mbali yaikulu ya vutoli, ndipo sikufuna kugula kanthu. Munthu amathira makapu awiri a madzi mu thanki, amaika sefa ya pepala yopanda khofi, n'kuyatsa makina. Madziwo akadutsa amakhala atatenthetsa elementi, mapaipi, chotengera sefa ndi jagi, komanso atatsuka fungo la pepala. Kenaka makina amazimitsidwa, madzi a mu jagi amatayidwa, khofi amathiridwa mu sefa yonyowayo, thanki imadzazidwa, ndipo makina amayatsidwanso nthawi yomweyo zinthu zisanazizire. Pothira madzi mpofunika kusamala, chifukwa madzi ofika pa elementi yotentha amatha kutulutsa nthunzi mwadzidzidzi. Ntchito yonseyi imawonjezera mphindi zitatu kapena zinayi.

Ena amathira madzi owira mu thanki poganiza kuti afupikitsa njira. Opanga makina ambiri amaletsa zimenezi, popeza thanki ndi kavalavu anazipangira madzi ozizira. Kuwonjezera apo, madzi otentha kale amawira msanga mu kapaipi, amathamanga kudutsa pa khofi mwina n'kusefukira mu sefa, ndipo khofi amasukulukabe chifukwa sanakhalitse ndi madzi. Madzi ofunda pang'ono alibe vuto, ndipo amathandiza m'mawa wa mwezi wa Juni, pamene madzi a pampopi amazizira kwambiri.

Chifukwa chachiwiri chimabwera mwakachetechete, pakapita miyezi. Madzi ambiri, makamaka a pamjigo ndi a m'zitsime zakuya, amakhala ndi kashiamu ndi maginiziyamu osungunuka kuchokera m'miyala. Madzi otere amadziwika ndi sopo wosachita thovu msanga komanso zoyera zokakamira pansi pa ketulo. Akatenthedwa, kashiamuyo amasanduka layimu wolimba, amene amamatirira pamalo otentha kwambiri monga mmene nkhoko zimamatirira pansi pa mphika wa nsima. M'makina a khofi malo otentha kwambiri ndi m'kati mwa kapaipi ka aluminiyamu, kumene diso silifika. Amene amakhala ku London ndi kummwera chakummawa kwa England amalidziwa bwino vutoli, chifukwa madzi a kumeneko amadutsa m'miyala ya choko.

Layimu salola kutentha kudutsa bwino. Akakuta kapaipi, kutentha kwa elementi kumavutika kufika m'madzi, elementiyo imatentha mopitirira, ndipo kachipangizo koiteteza kamadula magetsi kanthawi, n'kuwabwezeranso ikazizira. Madzi amayamba kubwera modukizadukiza, ndipo pa mpata uliwonse khofi ali mu sefa amazizira. Kapaipi kamachepanso m'kati, kotero madzi ochepa okha ndiwo amadutsa ndipo ambiri amasanduka nthunzi. Tizidutswa ta layimu tikalowa mu kavalavu, sikatsekanso bwino, ndipo madzi ena otentha amabwerera mu thanki. Pamwamba, timabowo todonthetsera madzi timatsekeka mpaka kutsala kamodzi kapena tiwiri. Madzi amaboola njira imodzi pakati pa khofi, ndipo wa m'mbali amatsala wouma kapena wongonyowa pang'ono.

Zizindikiro zake sizivuta kuona. Makina amene kale ankamaliza lita m'mphindi zisanu ndi ziwiri amayamba kutenga khumi ndi ziwiri kapena kuposa. Phokoso limakula, nthunzi imachuluka pa chivundikiro, khofi wa mu jagi amachepa poyerekeza ndi madzi amene anathiridwa, ndipo nthawi zina madzi amatsalira mu thanki. Sefa yogwiritsidwa kale ntchito imanena zambiri: dzenje pakati ndi khofi wouma m'mbali ndi umboni wakuti madzi sanafike ponseponse.

Layimu amasungunuka ndi asidi, osati sopo kapena soda. Chofala kwambiri ndi viniga woyera wosakaniza ndi madzi muyezo wofanana. Asidi wa sitiriki, ufa woyera wogulitsidwa pamodzi ndi zophikira makeke, amagwira bwino ndipo sasiya fungo; masupuni aakulu awiri amakwanira lita imodzi. Ngati buku la makinawo latchula mankhwala akeake, ndi bwino kutsata bukulo, chifukwa asidi wamphamvu amatha kudya aluminiyamu ndi labala. Msakanizowo umathiridwa mu thanki, sefa ya pepala imaikidwa kuti igwire tizidutswa, ndipo makina amayatsidwa mpaka theka litadutsa. Apa amazimitsidwa kwa mphindi 20 kapena 30. Kudikiraku n'kofunika kuposa zina zonse, pakuti asidi wongodutsa mothamanga amangokhudza pamwamba pa layimu. Kenaka makina amayatsidwanso kuti amalize, ndipo thanki yodzaza madzi oyera imadutsitsidwa kawiri kapena katatu mpaka fungo litatha. Timabowo ta pamwamba timatsukidwa ndi kaburashi. Kumene madzi ali ndi layimu wambiri, ntchitoyi imafunika mwezi uliwonse. Kwina miyezi itatu iliyonse imakwanira.

Chitsanzo chingakhale makina a mawati 800, olembedwa kuti ndi a makapu 10, ogwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi madzi a pamjigo kwa chaka osatsukidwa m'kati. Choyamba ndi kuwayesa ndi madzi okha: lita imodzi, wotchi, ndi choyezera kutentha cha kukhitchini choikidwa pamene madzi akudonthera, osati mu jagi, chifukwa jagi imatenthedwa ndi mbale ya pansi ndipo imanamiza. Ngati lita yatenga mphindi 13 ndipo madzi akubwera modukiza, layimu ndiye woyamba kuchotsedwa. Asidi akatuluka wotuwa ndi tizidutswa, kutsukako kumabwerezedwa. Nthawi ikabwerera pa mphindi 7 kapena 8, choyezera chimaonetsa chimene chatsala: madzi oyamba akadali pansi pa madigiri 85 pamene omalizira akupitirira 90, kutenthetseratu ndiko kumatseka mpatawo.

Pomaliza pamabwera muyezo wa khofi, umene kutentha sikungaulowe m'malo. Lita imodzi imafuna magalamu 55 mpaka 60. Kapu ya pa makina ambiri a ku Ulaya ndi yaing'ono, pafupifupi mamililita 125, choncho makapu 10 ndi lita imodzi ndi kota, yofuna magalamu 70 mpaka 75, kapena masupuni aakulu 12 kapena kuposerapo. Nyumba zambiri zimathira theka la zimenezi. Lilime limasiyanitsa mavuto awiriwa: khofi wochepa muyezo amakhala wamadzimadzi koma wowawa, pamene wa madzi osatentha amakhala wamadzimadzi ndi wowawasa. Khofi wogayidwa mokhakhala kwambiri amawawasanso chimodzimodzi, popeza madzi amamudutsa msanga, ndipo makina otere amafuna wogayidwa mwapakatikati. Makina akatsukidwa, akatenthetsedwa, muyezo n'kukhala wolondola, koma madzi osafikabe pa madigiri 90, ndiye kuti elementi ndi yofooka kapena kachipangizo kodula magetsi kawonongeka, ndipo zimenezi viniga sangazikonze.