Kholo liyambe kapena ana? Mmene kompyuta imayendera mumtengo

Pa kompyuta ya Linux, lamulo la `rmdir` limakana kufufuta foda ngati m'kati mwake mwatsala fayilo ngakhale imodzi. Za m'kati zichoke kaye, foda ibwere pambuyo. Pokopera zimatembenuka, chifukwa `cp -r` imayamba yapanga foda yatsopano, kenako n'kuikamo mafayilo. Akatswiri a mapulogalamu amati njira yoyambira ana ndi positioda, yoyambira kholo ndi purioda.

Mafoda okhala m'kati mwa mafoda anzawo amapanga chimene akatswiriwa amachitcha mtengo, ndipo chigawo chilichonse cha mtengowo ndi nodi. Mtengo wina ungakhale wa manambala 5: pamwamba pali 50, yemwe ana ake ndi 30 kumanzere ndi 70 kumanja, pomwe 30 ali ndi akeake, 20 ndi 40. Purioda imagwira kholo, n'kumaliza nthambi yonse ya kumanzere, kenako ya kumanja: 50, 30, 20, 40, 70. Positioda imalidikiritsa kholo mpaka ana onse atatha: 20, 40, 30, 70, 50.

Kukopera kumayenda bwino ndi purioda chifukwa mwana aliyense amapeza kholo lake litapangidwa kale, n'kungolumikizidwa. Manambalawa akalowetsedwa mumtengo watsopano m'ndondomeko imeneyo, aang'ono kumanzere, aakulu kumanja, mtengowo umatuluka wofanana ndendende ndi woyamba uja.

Pomwe pamafunika maso ndi pofufuta. M'chinenero cha C, chomwe Dennis Ritchie anakonza ku Bell Labs cha m'ma 1972, wolemba pulogalamu amabwereka memore ndi `malloc` ndipo ayenera kuibweza yekha ndi `free`. Adiresi ya mwana aliyense imasungidwa m'kati mwa kholo lake, moti wobweza 50 poyamba wataya njira yofikira kwa 30 ndi 70. Nodi 4 zimatsala zitagwira memore yomwe palibenso angaibweze. Akakakamira kuwerenga maadiresiwo mu nodi yobwezedwa kale, akukhudza malo omwe mwina apatsidwa kale ntchito ina.

Choipa kwambiri n'chakuti cholakwachi chimabisala. Pulogalamu itha kuyenda bwinobwino lero, mawa n'kugwa popanda chasintha. Chida chotchedwa Valgrind chimachigwira, n'kulemba `Invalid read` pamodzi ndi mzere umene wapalamula. Kalembedwe koyenera ndi aka:

```c
void free_tree(struct node *n) {
    if (n == NULL) return;
    free_tree(n->left);
    free_tree(n->right);
    free(n);
}
```

Mzere wa `free(n)` ukangokwezedwa pamwamba pa iwiri ija, vuto lonse lija labwera.

Njirayi nayo ili ndi malire ake. Kholo lililonse lomwe likudikira ana limagwira malo pa sitaki, kagawo kochepa ka memore kosungira ntchito zosamalizidwa. Mtengo wa nthambi zolingana mbali zonse, ngakhale utakhala ndi nodi 1,000,000, umazama masitepe pafupifupi 20 okha. Koma manambala akalowa atasanjidwa kale kuyambira wamng'ono, mtengowo umasanduka mzere umodzi wautali, ndipo sitaki itha kudzaza nodi ngakhale imodzi isanabwezedwe.