Kugawana ndalama za banki m'khonde: yambani ndi mtengo wa sheya imodzi

Disembala akafika, magulu ambiri a banki m'khonde kwa Kasisi ku Chikwawa amatsegula bokosi n'kugawana zomwe asunga chaka chonse. Anthu amabwera atawerengera kale za mbewu ndi fizi ya Januwale, ndiye msungichuma akangophonya masamu, gulu limatha tsiku lomwelo. Nthawi zambiri amene amapatsidwa ntchito yowerengayi ndi ife achinyamata, poti tili ndi foni. Ndiye tiyeni tiwerenge limodzi.

Magulu enieni amakhala ndi anthu 15 mpaka 25, koma ine nditenga asanu okha kuti manambala asatibalalitse. Sheya imodzi ndi K1,000. Mayi wogulitsa nsomba ali ndi masheya 200, mlimi wa thonje 150, bambo wa kabaza 120, agogo 80, ndipo mtsikana wa mandasi 50. Onse pamodzi ndi masheya 600, kutanthauza K600,000. Ngongole zonse zitabwezedwa, m'bokosi muli K810,000. Ndalama ya thumba la ngozi simo, imeneyo ndi ya maliro ndi matenda, sigawidwa ngati phindu.

Phindu lathu ndi K210,000, la chiwongoladzanja ndi zindapusa. Apa ndi pamene wina amadzuka n'kunena kuti tigawane mofanana, aliyense K42,000. Zikumveka zachifundo, koma taonani bwino. Mtsikana wa mandasi atenga K92,000 pomwe anasonkha K50,000, ndipo mayi wa nsomba ataya K28,000 yomwe ndalama zake zinabala. Chaka chamawa mayiyu sadzagulanso masheya ambiri, ndipo bokosi la ngongole lidzaonda.

Njira yolondola ndi yosavuta. Gawani ndalama zonse ndi masheya onse. Pa kakyuleta ya foni lembani `810000 ÷ 600`, yankho ndi 1,350. Uwu ndiye mtengo watsopano wa sheya: K1,000 iliyonse yabereka K350. Tsopano chulukitsani K1,350 ndi masheya a munthu aliyense. Mayi wa nsomba alandira K270,000, mlimi wa thonje K202,500, wa kabaza K162,000, agogo K108,000, wa mandasi K67,500. Musanapereke ngakhale kwacha imodzi, phatikizani manambala asanuwa. Akapanda kukwana K810,000 ndendende, pena pake palakwika, ndipo kawirikawiri vuto limakhala masheya a m'kabuku ka membala osagwirizana ndi a m'kaundula.

Pamene asungichuma ambiri amagwa ndi pa ngongole yotsala. Tinene kuti wa kabaza sanabweze K30,000, ndiye m'bokosi muli K780,000 yokha. Mukagawa imeneyi ndi 600, sheya igwera pa K1,300. Kutereku ngongole ya munthu mmodzi mwaisenzetsa gulu lonse, mayi wa nsomba yekha waluza K10,000. Ena amapitirira n'kudula wa kabazayo K30,000 pamwamba pake, kenako amadabwa kuti pamphasa patsala K30,000 yopanda mwini. Ndalama yotsala chonchi ndi chizindikiro choti ngongoleyo yachotsedwa kawiri.

Chitani chonchi: werengani ngongoleyo ngati chuma cha gulu. K780,000 kuphatikiza K30,000 ndi K810,000, sheya ikhalabe K1,350. Anayi aja alandire zawo zonse, wa kabaza alandire K162,000 kuchotsa K30,000, yomwe ndi K132,000. Mukaphatikiza zonse mupeza K780,000, ndalama yomwe ilidi m'bokosi. Koma izi zimatheka ngati ngongole ndi yochepa kuposa gawo la mwiniwakeyo. Ikaposa, masheya ake onse apita, ndipo chotsalacho musachiwerengere ngati ndalama yogawana mpaka chitabwezedwa.

Pali funso lina lomwe masamuwa sayankha. Mlimi wa thonje uja mwina anayamba kugula masheya mu Juni atagulitsa thonje, asanu sabata iliyonse kwa masabata 30. Agogo ankagula pang'onopang'ono kuchokera mu Januwale, ndalama yawo yazungulira m'ngongole chaka chathunthu, koma onse apeza K350 pa sheya. Chilungamo chenicheni chingafune kuwerenganso miyezi yomwe ndalama yakhala m'bokosi. Ine ndimaona kuti gulu la pansi pa mtengo lisalowe m'zimenezo, chifukwa masamu omwe agogo sangawatsatire ndi maso awo amabala chikayiko. Malire a masheya asanu pa msonkhano umodzi amaletsa kale munthu kukhuthula ndalama zambiri mu Novembala n'kudya phindu la anzake. Ngati gulu likufunabe kuwerenga miyezi, lilembe m'malamulo ake poyamba chaka.

Yankho likatuluka ndi timanambala totsalira, monga 1,353.7, tsitsani libwere pa K1,350, osakweza, kuopa kuti womaliza pamzere angapeze bokosi louma. Zotsalazo zilengezedwe pamaso pa onse, ziyambire thumba la chaka chatsopano.