Mbuzi ya Chisomo inasochera m'galamala

Mlendo wina amene waphunzira Chichewa atakula kale, ndipo amathandiza pa sukulu ya mkaka, analembera ana kankhani ka mizere yochepa. Kanayamba motere: "Tsiku imodzi mbuzi ya Chisomo anatawa. Chisomo anayamba kulila. Anapanga chisankho chofuna mbuzi. Anafunsa agogo, 'Waona mbuzi yanga?' Anamupeza mu munda." Nkhani yake ikumveka ndithu, koma mwana wa zaka zisanu atamva angaseke pamene wolembayo sanafune kuti aseke.

Wokonza nkhani ngati iyi amayamba ndi kalembedwe ka mawu, chifukwa mpamene sipavuta. "Anatawa" akusowa h. Amene sanayamwire Chichewa samva msanga mpweya umene umatuluka potchula ph, th ndi kh, chonsecho ndi mpweya womwewo umene umasiyanitsa kuponya ndi kuphonya. "Kulila" akhala "kulira", potsata malamulo a kalembedwe a Chichewa Board, amene anaunikidwanso mu 1990: pambuyo pa i kapena e timalemba r. Koma lamuloli lili ndi malire ake. L wa kumayambiriro kwa tsinde la mawu sasintha, n'chifukwa chake timalemba "chilimwe" osati "chirimwe". "Mu munda" afupikitsidwa kukhala "m'munda".

Kenaka pamabwera mgwirizano wa mawu, ndipo apa mpamene alendo ambiri amapunthwa. "Tsiku" limayenda ndi li, choncho "imodzi" sangakhalepo. Nanga "mbuzi anathawa"? Cholakwikachi chili ndi gwero lake. Wolembayo anaphunzira kuti "galu anathawa", "kalulu anathawa", nkuganiza kuti nyama zonse zimayenda chimodzimodzi. Koma mbuzi ili m'gulu limodzi ndi nkhuku, njovu ndi nyumba. Mbuzi inathawa, ndipo Chisomo anaipeza, sanamupeze. Uyu "mu" wa mu "anamupeza" ngoopsa kuposa zolakwika zina zonse, chifukwa amasintha nkhani: mwana angaganize kuti amene anapezeka m'mundamo ndi munthu.

Pano wokonza asathamange kufufuta. M'nthano, nyama zikamayankhula ngati anthu, timamva "a Njovu anakwiya", ndipo palibe cholakwika. Ndiye afunse kaye: kodi mbuziyi ndi chiweto chabe, kapena ili ndi dzina ndipo imayankhula? Ya Chisomoyi imangodya msipu basi, choncho ikhala "inathawa" mpaka nkhani kutha. Momwemonso ndi -na- ndi -da-: "anapita" ndi "adapita" onse ngolondola, koma wasankha chimodzi akhale nacho.

Ntchito yeniyeni imayamba zonsezi zikatha, pamene ziganizo zilibe cholakwika cholozeka ndi chala koma sizikumveka ngati zathu. Mukakonza "tsiku imodzi" kukhala "tsiku limodzi", galamala yakhala bwino, koma mwawerenga masiku: limodzi, osati awiri. Woyamba nkhani amati "tsiku lina". "Anapanga chisankho chofuna mbuzi" ndi Chingerezi chovala chitenje. Mwana kwathu kuno amangoganiza zokaifuna, kapena kungonyamuka kukaifunafuna. Ndipo taonani funso lija la kwa agogo. "Waona mbuzi yanga?" ndi chiganizo chabwinobwino ngati ukufunsa mnzako wosewera naye. Kwa agogo ndi mwano, ndipo buku limene limaphunzitsa ana kuyankhula motero makolo sangalikonde. Chisomo woleredwa bwino akanati, "Agogo, mwaionako mbuzi yanga?" Kachidutswa aka "ko" sikasintha tanthauzo kwenikweni, koma kamafewetsa funso.

Ikakonzedwa, nkhaniyo imveka chonchi: "Tsiku lina mbuzi ya Chisomo inathawa. Chisomo anayamba kulira. Kenaka ananyamuka kukaifunafuna. Anafunsa agogo ake, 'Agogo, mwaionako mbuzi yanga?' Anaipeza m'munda ikudya chimanga."

Mawu awiri omalizirawo sanali a wolemba, ndipo wokonza ayenera kupempha kaye asanawaike. Ine ndimaona kuti vuto la ife eni chiyankhulo ndi lomweli: dzanja limayabwa. Timafuna kuthiramo mwambi, kusintha "anayamba kulira" kukhala "misozi inalengeza m'maso", kuwonjezera fisi amene mwininkhani sanamuitane. Zikatero nkhaniyo yasanduka yathu, komanso yamulemera mwana amene akuwerenga moloza chala liwu ndi liwu. Kubwereza dzina la Chisomo kawirikawiri, kumene m'nkhani ya akulu kungatopetse, apa kumamuthandiza kudziwa amene akuchita chinthucho, choncho kusiyidwe.

Pepalalo pobwezedwa, ndi bwino kuti mawu akale azioneka pambali pa atsopano, wolembayo aone yekha kuti "anatawa" ndi "anamupeza" anachokera pa kusadziwa kumodzi, kwa gulu la mbuzi. Kenaka mphunzitsi wina amene sanaionepo nkhaniyo aiwerenge mokweza pamaso pa ana. Akamasintha mawu ena mosazindikira, wokonza alembe mawu amene watchulawo, chifukwa nthawi zambiri ndi amene amayenera kukhalapo.