Pamene pagwa dontho si pamene pabooka

Chithunzi chimene mlongo wanga wanditumizira pa foni chikuonetsa m'kati mwa kabati ya pansi pa sinki. Pakati pali paipi yoyera ya pulasitiki yopindika ngati chigongono, ndipo kunsi kwake kukulendewera dontho. Thabwa la pansi latupa ngati buledi wonyowa. Chakumbuyo kuli kapaipi kofewa kokutidwa ndi waya, kamene kamakweza madzi kupita ku mpopi, ndipo pa nati yake pachita zoyera ngati mchere. Uthenga wake ndi wachidule: "Achimwene, paipi yopindikayi yabooka."

Ine ndikukayika. Madzi amatsetsereka ndi paipi n'kukagwera pamalo otsikitsitsa, choncho chigongonocho chimanamiziridwa kawirikawiri. Diso langa lili pa zoyera zija, chifukwa zimatsala pamene madzi akhala akuchucha pang'onopang'ono n'kumauma kwa nthawi yaitali.

Funso loyamba ndi ili: kodi pamadontha nthawi yanji? Mapaipi obweretsa madzi amakhala ndi mphamvu ya madzi usana ndi usiku, ndiye akachucha saleka ngakhale mpopi uli chitsekere. Paipi yotaya madzi akuda imadontha makamaka mukamatsuka mbale.

Tulutsani zonse m'kabatimo, pukutani paipi iliyonse iume, ndipo yalani nyuzipepala pansi. Dikirani mphindi 15 osatsegula mpopi. Ikanyowa, ganizirani mbali yobweretsa madzi. Ikapanda kunyowa, tsekani chibowo cha sinki ndi kudzaza madzi. Kudontha madziwo ali chikhalire kukusonyeza kuti labala ya pakamwa pa chibowocho yatha. Kukayamba mutawatsegulira kuti apite, vuto lili pa manati a chigongono chija. Dutsitsani tishu youma polumikizira paliponse kuyambira pamwamba. Malo okwera kwambiri amene anyowetse tishuyo ndiwo gwero.

Nati ya pulasitiki imangeni ndi dzanja basi. Sipanala imaing'alula, ndipo vuto la labala yotchipa limasanduka logula chigongono chonse. Mukafuna kuchimasula, yambani mwaika beseni pansi, poti mumakhala madzi otchinga fungo la m'ngalande kuti lisabwerere m'nyumba.

Kwa mlongo wanga nyuzipepala inanyowa mpopi uli wotseka. Pamenepo chochita n'kutseka kavavu ka pakhoma pansi pa sinkiyo, kupotokolera mbali imene muvi wa wotchi umayendera. Ngati palibe, kapena kauma, musakakakamize; katsekeni pa mita, mutatungiratu madzi m'ndowa. Kukulunga ndi mphira ya chubu cha njinga, monga timachitira ambirife, kungachedwetse dontho pa paipi yotaya madzi, koma kapaipi kofewa kakayamba kutha kamatha kuphulika anthu muli mtulo. Madzi akafika pafupi ndi soketi, zimitsani magetsi pa bokosi musanagwire kanthu.

Ndamuuza ajambulenso nati ija pafupi, tochi itawalitsa, atumizire pulambala kuti abwere atagula kale kapaipi kolingana kutalika kwake.